Mutu wa imelo umene bwana wotanganidwa sangaulambalale

Ophunzira athu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amaidziwa bwino kalata yantchito. Keyala ya wolemba, tsiku, keyala ya wolandira, malonje, kenako mutu wa kalata, ndipo pansi pake nkhani imayamba. Pa kalata yapapepala, mutu umawerengedwa munthu atang'amba kale envulopu. Ngakhale mutuwo utakhala wozizira, kalata ili kale m'manja mwake ndipo maso ake atsikira okha m'munsi.

Pa imelo zinthu n'zosiyana. Mutu, umene timalemba m'kabokosi kolembedwa kuti `Subject`, uli ngati mawu olembedwa kunja kwa envulopu. Wolandira amauona asanatsekule, pamodzi ndi dzina la wotumiza, pamndandanda wa maimelo ena ambirimbiri. Ndi pamenepo pamene amasankha kuti uyu nditsekule pompano, uyu madzulo, uyu adikire. Imelo imene yauzidwa kuti idikire kawirikawiri imakwiririka ndi zina zatsopano. Choncho mutu wa imelo uyenera kuuza bwana zinthu zitatu asanatsekule n'komwe: chimene tikufuna kuti achite, nkhani yake ndi yotani, ndiponso achite pofika liti.

Phunziroli talikonzera ophunzira amene posachedwa akhala m'maofesi, komanso makolo ndi a komiti amene amalembera mabanki, ogulitsa katundu ndi makampani. Zitsanzo zambiri tazilemba m'Chichewa kuti tonse titsatire limodzi. Tikudziwa kuti m'maofesi ambiri kwathu kuno maimelo amalembedwa m'Chingerezi, n'chifukwa chake pa mutu womaliza tionetsa momwe ungaonekere m'zilankhulo zonse ziwiri. Kaganizidwe kake n'kamodzi.

Nkhani ya simenti

Tiyerekeze kuti mwalembedwa ntchito yaukalaliki pa kampani yaing'ono yomanga nyumba. Kampaniyo ikumanga nyumba yosungiramo katundu ndipo pakufunika simenti, matumba 200 a makilogalamu 50. Wogulitsa wapereka kotesheni ya K30,000 pa thumba, ndiye kuti zonse pamodzi ndi K6,000,000. Walembanso kuti mtengowu ugwira ntchito mpaka Lachinayi, pa 13 Malichi, ndipo likadutsa tsikuli thumba lidzakhala pa K32,000. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma masamu ake ndi osavuta: kuchedwa tsiku limodzi kudyera kampani K400,000.

Inu mulibe mphamvu zogula. Amene amavomereza ndi a manijala, ndipo iwo sakhala pansi. M'mawa ali kumene akumanga, masana ali ku banki, madzulo ali pa msonkhano. Maimelo amawaona pa foni, ataima, nthawi zina dzanja lina litagwira makiyi a galimoto. Lero ndi Lolemba. Mulemba mutu wotani?

Anthu ambiri, makamaka amene angoyamba kumene ntchito, amalemba chonchi:

```
Moni bwana, ndili ndi pempho
```

Mutuwu ndi waulemu, koma wadya zilembo 28, kuwerengera ndi mipata yomwe, osanena kanthu. Aliyense amene amalembera a manijala ali ndi pempho. Iwo akauona sangadziwe ngati mukupempha tchuthi, ngongole kapena simenti, ndipo popeza sakudziwa, alibe chifukwa chouika patsogolo. Mitu ngati `Hello`, `Request` kapena `Good morning` ili m'gulu lomweli. Choipa kuposa apa ndi kusiya kabokosiko kopanda kanthu. Gmail imaonetsa imelo yotere ndi mawu akuti `(no subject)`, ndipo kwa wolandira zimaoneka ngati wotumiza anadina mwangozi.

Wina, atamva kuti mutu uyenera kunena nkhani, amalemba liwu limodzi:

```
Simenti
```

Apa tayandikirako pang'ono. A manijala adziwa kuti ndi za simenti. Koma simentiyo yatani? Yafika? Yabedwa? Yanyowa ndi mvula? Mutu umene umangotchula chinthu osanena chochita umawerengedwa ngati chidziwitso chabe, ndipo munthu wotanganidwa amasunga zidziwitso kuti akaziwerenge akapeza mpata. Mpatawo ukhoza kupezeka Loweruka, mtengo utakwera kale.

Wachitatu amafuna kunena zonse, ndiye amalemba chiganizo chathunthu monga anazolowera m'kalasi:

```
Pempho lokhudza nkhani yogula simenti ya ntchito yomanga nyumba yosungiramo katundu yomwe mtengo wake ukwera likadutsa Lachinayi
```

Zonse zofunika zilimo, koma zili kumchira. Pamndandanda wa maimelo, foni imaonetsa mzere umodzi wokha wa mutu, ndipo pa mafoni ambiri mzerewo umatenga zilembo za pakati pa 30 ndi 40, kutengera kukula kwa foni ndi kukula kwa zilembo kumene mwini wake anasankha. Zotsalazo zimadulidwa, n'kuikapo timadontho titatu. Tikawerenga zilembo 35 zoyambirira za mutu uwu, a manijala aona izi zokha: "Pempho lokhudza nkhani yogula simen". Liwu loti Lachinayi, lomwe ndi mtima wa nkhani yonse, silioneka. Mawu ngati "lokhudza", "nkhani ya" ndi "zokhudzana ndi" amakoma m'kalata yapapepala, koma pa foni amakhala pampando wa mawu ofunika.

Kumanga mutu wabwino

Tiyambe ndi chochita. Kodi a manijala tikufuna atani? Sitikufuna angodziwa. Tikufuna chilolezo. Liwu limeneli likhale loyamba, chifukwa ndi limene limasiyanitsa imelo yathu ndi maimelo khumi ena ongodziwitsa. Kenako nkhani, m'mawu ochepa amene bwanayo amagwiritsa ntchito yekha: simenti. Kenako ndalama, chifukwa a manijala saganiza mofanana pa K60,000 ndi pa K6,000,000. Pomaliza tsiku.

```
Chilolezo: simenti K6m, pofika 13 Malichi
```

Zilembo ndi 41. Ngakhale foni itadula pa zilembo 35, "pofika 13" aoneka. M'Chingerezi cha ku ofesi, mutu womwewu ungakhale wotere, ndipo uli ndi zilembo 35:

```
For approval by 13 Mar: cement, K6m
```

Onani kuti pamenepa tsiku labwera patsogolo pa simenti. Palibe lamulo lokhwima loti chiyambe ndi chiti pakati pa nkhani ndi tsiku. Funso lothandiza ndi ili: foni ikadula theka lakumapeto, kodi chotsalacho chingachititse bwana kutsekula? Ngati kampani ikugula zinthu zambiri sabata imeneyo, mwina dzina la katundu ndi lofunika kwambiri. Ngati chowopsa ndi tsiku, tsiku litsogole. Ife, pa nkhani ngati iyi, timakonda tsiku kutsogolo.

Kaikidwe ka chochita patsogolo sikachilendo. Mu 2016 magazini ya Harvard Business Review inafalitsa nkhani ya Kabir Sehgal, yemwe anagwirapo ntchito m'gulu la asilikali a pamadzi a dziko la America, yofotokoza momwe asilikali kumeneko amayambira mutu wa imelo ndi liwu limodzi losonyeza chimene wolandira achite, monga `ACTION`, `SIGN`, `DECISION` kapena `INFO`. Lomalizali limatanthauza kuti n'zongodziwitsa, palibe chochita. Limeneli anthu amalipeputsa, koma ndi lothandiza kwambiri. Kalaliki amene amalemba poyera kuti imelo iyi ndi yongodziwitsa amaphunzitsa bwana wake kuti tsiku limene walemba "chilolezo", ndiye kuti pakufunikadi chilolezo.

Za tsikuli tinenepo pang'ono. Musalembe "mawa" kapena "lero". Imelo yolembedwa Lolemba ikawerengedwa Lachitatu, "mawa" wa wolemba ndi "mawa" wa wowerenga sakhalanso tsiku limodzi. Musalembenso tsiku m'manambala okhaokha ngati `03/04`. Kwathu kuno timawerenga kuti pa 3 Epulo, koma ku America amayamba ndi mwezi, ndiye kwa iwo ndi pa 4 Malichi. Lembani dzina la mwezi, ngakhale mwachidule.

Palinso nzeru ina imene amakalaliki odziwa ntchito amaitsatira. Ngati wogulitsa wanena kuti mtengo utha Lachinayi, ndipo bwana akavomereza pafunika kuti a zachuma akonze malipiro, ndiye kuti tsiku lenileni la chilolezo ndi Lachitatu, pa 12 Malichi. Tsiku lolemba pa mutu ndi limene bwana ayenera kuchitapo mbali yake, osati limene nkhani yonse ithere. Kuchotsera tsiku limodzi pa chifukwa chomveka chotere si bodza, bola m'kati mwa imelo mufotokoze. Koma kupeka tsiku lapafupi pofuna kungowopseza bwana ndi msampha wodzitchera wekha. Akazindikira kamodzi, masiku anu onse adzawatenga ngati nthabwala.

Nanga ulemu?

Apa ndi pamene makolo ambiri angafunse. Mwana waleredwa kuti akafika pakhomo ayambe ndi "odi", apereke moni, afunse za moyo, kenako anene chimene wadzera. Kodi si mwano kuti kalaliki wa zaka 20 alembere munthu wamkulu mutu wouma, wa ndalama ndi tsiku basi?

Malonje sanathe, angosuntha malo. Amakhala m'kati mwa imelo, pamzere woyamba, monga momwe amakhalira m'kalata. Mutu uli ngati chikwangwani cha minibasi: chimangoti Zomba kapena Mangochi, ndipo palibe amene amati chikwangwanicho chilibe ulemu chifukwa sichinapereke moni. Chimene tiyenera kupewa ndi kulamula. N'chifukwa chake sitinalembe kuti "Vomerezani", koma "Chilolezo". M'Chingerezi, `For approval` ndi kupereka nkhani m'manja mwa wamkulu, pomwe `Approve` yekha amamveka ngati lamulo la bwana kwa wantchito. Kusiyana kwake ndi zilembo zisanu zokha, ndipo n'zoyenera kuziwononga.

Pali mtundu wina wa mutu umene umaoneka ngati wamphamvu koma ndi wofooka:

```
URGENT!!! PLEASE READ
```

Zilembo zazikulu zokhazokha pa imelo anthu amazimva ngati kukuwa. Liwu loti `URGENT` limauza bwana momwe inu mukumvera, koma silimuuza nkhani kapena tsiku. Choipitsitsa n'chakuti mbava za pa intaneti, zimene zimatumiza maimelo onamizira kuti achokera ku banki kapena kwa wogulitsa katundu, zimakonda mawu omwewa ofulumizitsa munthu kuti alipire asanaganize. Mabwana ochenjera anaphunzira kukayikira mitu yotere, ndipo makina osefa maimelo achinyengo amathanso kuiponya ku `Spam`, makamaka ngati wotumiza ndi wachilendo. Tsiku lenileni ndi ndalama zenizeni zimafulumizitsa munthu kuposa zizindikiro zitatu za mfuu.

Atatsekula, apeze zomwe mutu unalonjeza

Mutu wagwira ntchito yake, a manijala atsekula. Tsopano mizere iwiri kapena itatu yoyambirira iyenera kumalizitsa. Pa nkhani yathu ingakhale motere: "Bwana, mwadzuka bwanji? Ndikupempha chilolezo chogula simenti matumba 200 pa K30,000 thumba, zonse pamodzi K6,000,000. Mtengowu utha Lachinayi pa 13 Malichi, ndipo pambuyo pake tidzawonjezera K400,000. Mukavomereza pofika Lachitatu, a zachuma akhala ndi tsiku lokonza malipiro. Kotesheni ndaiphatikiza pa imelo ino." Bwana akhoza kuyankha ndi liwu limodzi ali chiimire. Ndipo popeza mapulogalamu ambiri a imelo amaonetsa mawu oyamba a uthenga pansi pa mutu, malonje aafupi amathandiza kuti chiyambi cha pempholo chionekeko ndithu.

Imelo imodzi ikhale ndi nkhani imodzi. Ngati sabata yomweyo mukufunanso kupempha tchuthi ndi kunena za galimoto yowonongeka, lembani maimelo atatu. Zikakhala m'phukusi limodzi, palibe mutu umene ungazinyamule zonse, ndiye mudzabwerera ku "Nkhani zingapo". Bwana adzayankha chosavuta, zina n'kuziiwala, ndipo sangatumize imelo ya simenti kwa a zachuma popanda kuwaonetsanso pempho lanu la tchuthi.

Msampha wa `Re:`

Mukayankha imelo, pulogalamu imawonjezera yokha `Re:` kutsogolo kwa mutu wakale. Mukaitumiza kwa munthu wina, imawonjezera `Fwd:` kapena `FW:`. Izi n'zabwino pamene nkhani ikadali yomweyo, chifukwa Gmail ndi Outlook amasonkhanitsa maimelo a mutu umodzi kukhala mkambirano umodzi.

Vuto limabwera chifukwa cha ulesi umene tonse timaudziwa. Munthu akufuna kulembera bwana, ndiye m'malo moyamba imelo yatsopano amangofufuza imelo yakale ya bwanayo n'kudina `Reply`. Pempho la simenti ya K6,000,000 limafika litavala mutu woti `Re: Staff meeting minutes`. Bwana akuona za msonkhano umene unatha mwezi wapita, n'kudutsa. Nkhani yatsopano imafuna imelo yatsopano ndi mutu watsopano.

Nthawi zina nkhani imasintha m'kati mwa mkambirano womwewo. Tinene kuti a manijala avomereza, simenti yagulidwa, koma pofika pamalo apeza kuti matumba 15 ndi olimba ngati mwala. Imeneyi si nkhani ya chilolezo ayi. Mukaisiya pansi pa mutu wakale, bwana adzaganiza kuti mukungothokoza. Ikani mutu wina: "Chigamulo: matumba 15 a simenti aonongeka, tibweze?" Pa Gmail ya pa kompyuta, mukamayankha, pali mwayi wosankha `Edit subject`, ndipo mukasintha mutu uthengawo umaoneka ngati mkambirano watsopano. Ndi zimene tikufunazo.

Mungadziwe bwanji kuti mitu yanu ikukulepheretsani? Zizindikiro zake n'zoonekeratu. Bwana amayankha kuti "sindinaione" pomwe imelo inafika. Amakuimbirani kufunsa chinthu chimene chinali m'imelo. Amayankha tsiku litadutsa, n'kuti sanadziwe kuti panali tsiku. Kapena inu eni, patapita miyezi itatu, mumalephera kupeza imelo imene munalemba nokha.

Chizindikiro chomalizachi chikutikumbutsa ntchito yachiwiri ya mutu. Imelo yantchito ndi umboni. Tsiku lina owerengera ndalama adzafunsa kuti anavomereza kugula simentiyi ndani, ndipo liti. Pa Gmail mukhoza kufufuza m'mitu mokha polemba izi m'kabokosi kofufuzira:

```
subject:simenti
```

Imelo ya mutu woti "Moni bwana" siidzatuluka. N'chifukwa chake ndi bwino kuika nambala ya kotesheni, ya invoisi kapena ya oda pa mutu, makamaka polembera kampani ina, kumene kalaliki wawo amasunga zinthu potsatira manambala. Nambalayo iikeni kumapeto. Ikadulidwa pa foni palibe chaonongeka, chifukwa ntchito yake ndi ya pofufuza.

Zimene sitilemba pa mutu, ndi pamene mutu sukwanira

Mutu ukhoza kuoneka pa foni ngakhale ili yokhoma, ili patebulo pamsonkhano, pomwe aliyense wokhala pafupi angathe kuwerenga. Choncho malipiro a munthu, matenda ake, mlandu wake wapantchito, nambala ya akaunti ya ku banki ndi mawu achinsinsi olowera sizikhala pa mutu. Pa nkhani zotere, mutu unene mtundu wa nkhani ndi tsiku basi, monga "Zachinsinsi: nkhani ya wantchito, yankho pofika 20 Malichi".

Kwa ophunzira amene adzafunsire ntchito kapena malo a sukulu kudzera pa imelo, lamulo ndi lina. Ngati chilengezo chanena mawu oti mulembe pa mutu, monga dzina la ntchito ndi nambala yake, lembani zomwezo ndendende. Olemba ntchito ambiri amasanja makalata potsatira mawu amenewo, ndipo luso lanu lopeka mitu lingachititse kuti kalata yanu isapezeke.

Tibwerere kwa a manijala athu. Mwatumiza Lolemba, ndipo pofika Lachiwiri madzulo kuli zii. Musalembe imelo ina ya mutu watsopano ngati kuti ndi nkhani ina. Yankhani pa imelo yanu yomweyo kuti kotesheni ndi zonse zikhale pamodzi, ndi mzere umodzi wokumbutsa. Likacha Lachitatu kudakali zii, imbani foni kapena pitani ku ofesi kwawo. Mutu wabwino umathandiza munthu amene akuyang'ana maimelo ake. Amene ali kumalo kopanda netiweki, kapena foni yake yatha moto, sungamufikire. Ndipo akavomereza pakamwa, apempheni mwaulemu kuti ayankhenso pa imelo ija, kuti chilolezo cha K6,000,000 chikhale cholembedwa.

Ntchito yoyeserera

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, yesani izi m'makope anu. Ndinu kalaliki pa sitolo yogulitsa zipangizo za m'maofesi. Kasitomala wina sanalipire invoisi nambala 218 ya K850,000, imene inayenera kulipidwa pa 28 Febuluwale. Lembani mitu iwiri, uliwonse usapitirire zilembo 45 kuwerengera ndi mipata. Woyamba upite kwa manijala wa kasitomalayo womukumbutsa za ngongoleyi. Wachiwiri upite kwa bwana wanu, wopempha kuti agamule ngati mupitirize kumupatsa katundu kasitomalayo. Mukatha, phimbani ndi chala zilembo zonse zopitirira 30, n'kumupatsa mnzanu awerenge zotsalazo. Akuuzeni chimene wolandira akuyenera kuchita, nkhani yake, ndi tsiku. Chimene walephera kunena, chisunthireni kutsogolo.